Kuzindikira Mipando ndi Makabati pa Chithunzi: Kabuku ka Ogula ndi Ogulitsa Katundu Wakale

Za m'kabukuka

Masiku ano malonda ambiri a katundu wa m'nyumba wogwirapo kale ntchito amayambira pa foni. Wina akusamuka ndipo akugulitsa tebulo ndi mipando yake, wina watsitsa kontena ya katundu wochokera ku Mangalande, wina ali ku Joni akufuna kabati yoti atumize kumudzi. Onsewa amayamba ndi chithunzi cha pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo kawirikawiri chithunzicho chimakhala chimodzi, chojambula kumaso kwa katunduyo atangomupukuta ndi polishi.

Chithunzi cha kumaso chimakuuzani kapangidwe kokha. Amene anapanga katunduyo, mtundu wa thabwa ndi mphamvu zimene zatsala zimaonekera kumbuyo, kunsi ndi m'kati mwa madirowa, kumene wopanga sanavutike kukongoletsa ndiponso kumene wogulitsa sapukuta. Kabukuka kakufotokoza zithunzi zimene muyenera kupempha, mmene mungaziwerengere, ndi mmene zimene mwaonazo zimakwezera kapena kutsitsira mtengo. Tikunena makamaka za katundu wa matabwa: makabati, matebulo ndi mipando yodyera.

1. Zithunzi zoti mupemphe

Musanakambe za mtengo, pemphani wogulitsa kuti atulutsire katunduyo pakhonde kapena pafupi ndi windo, masana, ndipo asayatse fulashi. Fulashi imawalitsa vanishi n'kubisa mizere ya thabwa, pamene babu la m'nyumba limafiiritsa chilichonse mpaka paini wopakidwa utoto amaoneka ngati mbawa. Kenako ajambule zithunzi izi:

1. Kumaso konse, foni ili chilili moyang'anizana ndi katunduyo, miyendo ikuoneka mpaka pansi.
2. Kumbuyo konse.
3. Kunsi: mpando autembenuze, tebulo alijambule atagwada pansi pake.
4. Dirowa imodzi ataitulutsiratu, pakona pamene thabwa la kumaso lalumikizana ndi la m'mbali.
5. M'mphepete mwa thabwa la pamwamba, pafupi kwambiri, makamaka pakona ya kumbuyo.
6. Chizindikiro chilichonse: kapepala komata, chidindo, nambala yolemba ndi choko kapena pensulo.
7. Malo onse owonongeka, ataikapo ndalama yachitsulo pambali kuti muone kukula kwake.

Pemphaninso miyeso itatu ya tepi: mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Miyeso imakuthandizani kudziwa ngati katunduyo alowe pakhomo panu, komanso katundu wa kufakitale amakhala ndi miyeso yofanana pa mtundu uliwonse, choncho mungayerekeze ndi wina wodziwika. Wogulitsa amene akukana kujambula kumbuyo kapena kunsi, koma akukufulumizitsani kutumiza ndalama, musiyeni.

2. Kapangidwe kamanena nyengo, osati wopanga

Pa chithunzi choyamba yang'anani miyendo, zogwirira ndi zokongoletsa. Izi zimasintha ndi nyengo, ndipo mwa katundu amene amafika m'manja mwathu muli magulu atatu ooneka kawirikawiri.

Gulu loyamba ndi katundu wolemera, wakuda, wa miyendo yokhota yothera ngati phazi la chilombo logwira mpira. Kapangidwe kameneka kanatchuka ku Mangalande m'zaka za m'ma 1700, koma mafakitale a ku South Africa anakapanga kochuluka m'zaka za m'ma 1900, makamaka ndi thabwa la imbuya lochokera ku Brazil. Ndiye mwendo wotere paokha si umboni woti tebulolo ndi la zaka 200.

Gulu lachiwiri ndi katundu wosalala, wopanda zogoba, wa miyendo yowonda yosongokera pansi, makabati ake aatali koma aafupi msinkhu. Uyu ndi wa pakati pa zaka za m'ma 1950 ndi 1970, ndipo thabwa lake lotchuka ndi tiki. Ku Ulaya ndi ku South Africa gulu limeneli likufunidwa kwambiri masiku ano.

Gulu lachitatu ndi katundu wa mabokosi osalala, wobwera m'makatoni n'kumangidwira kunyumba, amene anachuluka kuyambira m'ma 1970. Amadziwika ndi timabowo tambiri tondandalikana m'kati, ndi tizitsulo tozungulira tomangira mabolodi.

Kapangidwe kamakupatsani malire a mbali imodzi: katundu sangakhale wakale kuposa kapangidwe kake, koma angathe kukhala watsopano kwambiri. Kalipentala waluso wa ku Ndirande kapena ku Mchesi mukamuonetsa chithunzi cha kabati ya 1966 akhoza kukupangirani yofanana nayo mwezi uno. Choncho mawu akuti "ndi sitayilo ya G Plan" ndi akuti "ndi G Plan" ndi zinthu ziwiri, ndipo mitengo yake ndi iwirinso.

3. Thabwa lenileni kapena bolodi lovekedwa

Funso ili limayankhidwa ndi chithunzi chachisanu, cha m'mphepete. Thabwa lenileni lili ndi mizere yoyenda mulitali, ndipo mukafika kumapeto kwake, kumene macheka anadula mopingasa, mumaona timadontho ndi mizere yokhota ya kakulidwe ka mtengo. Mizere ya pamwamba imatsikira m'mphepetemo mosaduka. Tebulo lalikulu la thabwa lenileni limaonetsanso molumikizira, chifukwa limapangidwa ndi matabwa angapo omatidwa, ndipo molumikiziramo mumaonekera pamwamba ndi kunsi pamalo amodzimodzi.

Mafakitale ambiri amagwiritsa ntchito viniya, kathabwa kosendedwa kopyapyala kosakwana milimita imodzi, komatidwa pa bolodi. Pa chithunzi mumaona kamzere kowonda kolekanitsa viniya ndi kathabwa kotchingira m'mphepete, mizere ya pamwamba siyitsikira m'mbali, ndipo nthawi zambiri zitseko ziwiri zoyandikana zimakhala ndi maluwa a thabwa ofanana ndendende motembenuka. Pakona ya kumbuyo, pamene sanatchinge, mumaona chimene chili m'kati: tiziduswa tothinikizidwa ndiye chipibodi, mizere yosanjikizana ndiye pulayiwudi.

Viniya paokha si chinyengo. Katundu wabwino wa tiki wa m'ma 1960 wambiri ndi wa viniya. Koma viniya ali ndi malire awiri. Sangakhulidwe kwambiri ndi sandipepa, chifukwa amabooka bolodi n'kuonekera. Ndipo chipibodi chikamwa madzi chimafufuma osabwereranso, masikuluwu n'kuyamba kuzuka. M'nyumba yodontha nthawi ya dzinja, kapena imene amakolopa ndi madzi ambiri, kabati ya chipibodi imayamba kuthera kunsi.

Palinso pepala kapena pulasitiki wosindikizidwa maluwa a thabwa. Ameneyu mumamudziwa chifukwa mfundo imodzimodzi imabwerezedwa pamalo angapo, ndipo posendeka pamaoneka poyera kapena potuwa. Katundu wotere ndiye wotsika mtengo kuposa onse.

Mtundu wa thabwa muziuonera kunsi kapena m'kati, kumene sanapake utoto. Mlombwa, umene ku Zambia ndi ku Zimbabwe amati mukwa ndipo ku South Africa amati kiyati, ndi wabulauni wa mizere yofiirira kapena yachikasu, ndipo thabwa lake la kunja kwa mtengo ndi loyera losiyana kwambiri ndi la pakati. Mbali yoyerayo ndi imene imafumbwa msanga. Mbawa ndi yofiirira mofanana paliponse. Paini ndi woyera mwachikasu, wa mfundo zozungulira, ndipo ndi wofewa moti amakhala ndi timabala tambiri m'makona. Ngati kumaso kuli kofiira koma kunsi kuli koyera kwa mfundo, mukugula paini wopakidwa utoto, ndipo mtengo wake ukhale wa paini.

4. Kupeza wopanga

Umboni woyamba ndi chizindikiro. Pa kabati chimakhala m'kati mwa dirowa ya pamwamba, kuseri kwa chitseko kapena kumbuyo. Pa mpando chimakhala kunsi kapena kuseri kwa pokhalira. Mayina awiri a ku Mangalande amene mungakumane nawo kawirikawiri mu katundu wa m'makontena ndi awa.

G Plan ndi dzina limene kampani ya E. Gomme ya ku High Wycombe inayamba kugwiritsa ntchito mu 1953. Katundu wake woyambirira ali ndi chidindo chagolide chodindidwa pathabwa, ndipo kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1960 anayamba kumata tizizindikiro tofiira. Mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Fresco wa 1966, wojambulidwa ndi Victor Wilkins, wa viniya wa tiki ndi zogwirira za thabwa loderako la afuromoziya.

Ercol inayambitsidwa ndi Lucian Ercolani mu 1920, ku High Wycombe komweko. Mipando yake yotchuka ndi ya thabwa lenileni: pokhalira pa elimu, miyendo ndi timitengo ta kumsana ta bichi, ndipo uta wa kumsana ndi thabwa limodzi lopindidwa ndi nthunzi. Pa mipando yambiri mwendo umaboola pokhalira n'kuonekera pamwamba ngati kabwalo, kamphero kokhomera katadula pakati pake. Kachizindikiro kabuluu ndi ka pakati pa zaka za m'ma 1950 ndi 1970, kagolide ndi ka pambuyo pake.

Mukaona dzina, lilembeni pofufuzira pa foni monga mmene lalembedwera, pamodzi ndi mtundu wa katunduyo, mwachitsanzo G Plan Fresco sideboard. Yerekezani zogwirira, miyendo, chiwerengero cha madirowa ndi miyeso. Kufufuza ndi chithunzi chenichenicho kumathandiza kupeza dzina loyambira, koma kumangobweretsa zooneka mofanana, sikutsimikiza wopanga. Makampani ena monga McIntosh wa ku Kirkcaldy ku Scotland ndi Nathan anapanga makabati a tiki ooneka chimodzimodzi kwa munthu wongoyang'ana mofulumira.

Chizindikiro chingamatuke, ndipo munthu wachinyengo angachichotse pa katundu wakutha n'kuchimata pa wina. Chifukwa chake chizindikiro chiyenera kugwirizana ndi kamangidwe. Pa chithunzi cha dirowa, onani mano olowana a pakona. Mano odula pamanja ndi ochepa, osiyana kukula, ndipo nthawi zina kamzere ka kalipentala kamaonekabe. Mano a makina ndi ambiri ndi ofanana ndendende, ndipo ndiwo oyenera pa katundu wa kufakitale. Dirowa yongokhomedwa ndi misomali sigwirizana ndi chizindikiro cha fakitale yaikulu ya m'ma 1960. Masikuluwu nawonso amanena: a mutu wa mtanda anayamba m'ma 1930, choncho sangakhale oyambirira pa tebulo limene akuti ndi la m'ma 1800. Akhoza kukhala a munthu amene anakonza pambuyo pake, ndipo zikatero mumaona mabowo akale pafupi.

Pa sofa ndi mipando ya makhushoni yochokera ku Mangalande, funani kansalu kosokeredwa kunsi kolembedwa kuti CARELESSNESS CAUSES FIRE. Kamachokera ku malamulo oteteza moto a 1988. Kakakhalapo, ndiye kuti mpandowo unapangidwa kapena kuvekedwanso kuyambira nthawi imeneyo. Kwa okhala ku Mangalande kansaluka n'kofunika kwambiri: masitolo a zachifundo ndi ogulitsa katundu wakale amakana sofa yopanda kansaluka, ndiye musamakadule.

Katundu wa akalipentala athu nthawi zambiri alibe chizindikiro. Amadziwika ndi matabwa enieni okhuthala mpaka m'mashelefu, mizere ya pensulo ndi ya puleni kunsi, kumbuyo kwa pulayiwudi kapena bolodi lopyapyala lokhomedwa ndi misomali, ndi vanishi wonyezimira wopaka ndi bulashi. Zimenezi sizitsitsa ulemu wa katunduyo. Tebulo la mlombwa lolumikizidwa bwino likhoza kupirira nyumba ya ana ambiri kuposa la kufakitale.

5. Chitsanzo: kabati yaitali ya m'chipinda chodyera

Tiyerekeze kuti mayi wina ku Blantyre waona chithunzi cha kabati yaitali, yaifupi msinkhu, yabulauni, ya miyendo yowonda. Wogulitsa walemba kuti ndi "G Plan ya tiki yekhayekha" ndipo akufuna K500,000. Ndalama zonse za m'chitsanzochi ndi zongoyerekeza, kuti tione kawerengedwe.

Chithunzi cha kumaso chikuonetsa zitseko ndi madirowa okhala ndi zogwirira za thabwa loderako, ndipo tepi ikuti mamita 2 ndi pang'ono. Izi zikugwirizana ndi Fresco. M'dirowa ya pamwamba muli kachizindikiro kofiira ka G Plan, mano a dirowa ndi a makina, kumbuyo kuli bolodi lopyapyala lodulidwa bwino. Zonse zikuvomerezana, ndiye dzinalo ndi loona. Koma chithunzi cha m'mphepete chikuonetsa kamzere ka viniya. Mawu akuti "tiki yekhayekha" ndi olakwika, ngakhale kuti mwina wogulitsayo sakunama dala, chifukwa katunduyu anapangidwa choncho kuchokera kufakitale.

Tsopano zowonongeka. Pamwamba pali kabwalo koyera ka kapu ndi banga lakuda lalikulu ngati chikhatho. Kabwalo koyera ndi chinyezi chimene chalowa mu polishi mokha, ndipo kamachoka mosavuta. Banga lakuda ndi madzi amene anafika pathabwa, mwina a mphika wa maluwa, ndipo pa viniya silingakhulidwe mozama. Likhoza kuchepa koma osatheratu. Chithunzi cha kunsi chikuonetsa kona imodzi ya pansi itafufuma ndipo viniya akutukuka. Chogwirira chimodzi n'chachitsulo, choikidwa m'malo mwa chathabwa chimene chinathyoka.

Mayiyo awerenge chonchi. Tinene kuti wafufuza n'kupeza kuti kabati yabwinobwino ya kukula kotere, ya m'tauni yomweyo, anthu akugula pa K450,000. Kalipentala ataona zithunzi wati kumata viniya, kusema chogwirira chatsopano ndi kupaka mafuta pamwamba ndi K80,000. Galimoto ndi anyamata onyamula ndi K40,000. Banga lakuda ndi kona yofufuma zikhalapobe ngakhale atakonza, ndiye achotsepo K60,000 ina. Zotsala ndi K270,000, ndipo apa ndi pamene ayambire kunenerera. Ngati wogulitsa wakakamira pa K500,000 ponena kuti ku Mangalande kabati zotere zimadula, mayiyo akumbuke kuti iye akugulira ku Blantyre, ndipo akadzafuna kugulitsa adzagulitsanso kwa anthu a ku Blantyre.

6. Zimene zimakweza ndi kutsitsa mtengo

Choyamba ndi malo amene katunduyo akugulitsidwira. Dzina la wopanga limalipiridwa kumene kuli ogula olidziwa, monga ku London, ku Cape Town kapena ku Johannesburg. Kuno kwathu ogula ambiri amalipira kulimba, kukula ndi mtundu wa thabwa, moti tebulo la mlombwa lopanda dzina lingapose kabati ya viniya ya dzina lotchuka. Poyerekeza mitengo, yang'anani imene anthu agulira, osati imene ogulitsa alemba. Pa eBay pali posankha polembedwa Sold items, pamene pamaonetsa zimene zinaguladi. Katundu amene wakhala miyezi ali pamalonda akukuuzani kuti mtengo wakewo anthu aukana.

Chachiwiri ndi mmene katunduyo alili. Siyanitsani zokonzeka ndi zosakonzeka. Mpando wogwedera chifukwa guluu watha, hinjesi yomasuka, polishi wothimbirira ndi nsalu yong'ambika zimakonzeka, ndipo mumangochotsa ndalama yokonzera. Mwendo wothyokera pakati, thabwa la tebulo lopindika, chipibodi chofufuma ndi viniya wobooka ndi sandipepa ndi zilema zokhalitsa. Mpando umene wina anaulimbitsa ndi misomali kapena tizitsulo m'malo mwa guluu nawonso watsika, chifukwa msomali umang'amba polumikizira.

Chachitatu ndi tizilombo. Timabowo tozungulira ta milimita 1 kapena 2 ndi ta tizilombo toboola matabwa. Timabowo takuda topanda fumbi tikhoza kukhala takale, koma toyera m'kati tokhala ndi ufa pansi pake tikusonyeza kuti tizilombo tidakali moyo ndipo tingalowe mu katundu wanu wina. Chiswe chimasiya njira zadothi ndipo chimadya m'kati n'kusiya khungu. Pa sofa ndi mabedi pemphani chithunzi cha m'misoko: timadontho takuda tounjikana ndi chizindikiro cha nsikidzi.

Chachinayi ndi kukwanira. Mipando 4 kapena 6 yofanana, pamodzi ndi tebulo lake, imagulidwa bwino kuposa yomweyo yogulitsidwa umodziumodzi. Werengani mipando pa chithunzi ndipo yerekezani miyendo ndi timitengo ta kumsana, chifukwa nthawi zina umodzi umakhala wobwerekera kwina. Tebulo lotambasuka likhale ndi thabwa lake lapakati, kabati ikhale ndi makiyi ndi mashelefu onse.

Chachisanu ndi zimene anthu anasinthapo. Kwa ogulitsa, langizo ndi lakuti musapake penti kapena vanishi wokhuthala pa katundu wa dzina musanamugulitse, ndipo musamatule chizindikiro. Ogula odziwa amalipira zambiri pa katundu wothimbirira koma wosakhudzidwa, kusiyana ndi wonyezimira amene sakudziwa chimene chabisika pansi pake. Ingopukutani ndi nsalu yonyowa pang'ono, muumitse, mujambule zithunzi zonse za m'gawo loyamba, ndipo zowonongeka muzitchule nokha.

Chomaliza ndi kukula. Wodiropu yosamasuka imene singakwere masitepe kapena kulowa pakhomo la nyumba ya lendi ili ndi ogula ochepa, pamene mtengo wonyamulira ndi waukulu. Katundu wamng'ono monga matebulo a khofi ndi makabati a m'mbali mwa bedi amayenda msanga.

7. Tsiku lokatenga katundu

Pali zinthu zimene chithunzi sichingakuuzeni, choncho musalipire ndalama zonse musanafike kapena kutuma munthu wodalirika. Mukafika, chitani izi:

- Nyamulani mbali imodzi. Mlombwa ndi mbawa zimalemera kuposa paini, koma chipibodi nachonso chimalemera, ndiye kulemera kokha si umboni wa thabwa lenileni.
- Ikani mpando pamalo osalala, mugwire kumsana n'kuugwedeza, kenako mukhalepo.
- Tsegulani ndi kutseka dirowa iliyonse ndi chitseko chilichonse.
- Nunkhizani m'kati. Fungo la nkhungu ndi la fodya silichoka msanga, makamaka mu siponji.
- Gogodani miyendo ndi kunsi ndi chala. Kulira ngati mopanda kanthu, kapena kutsika kwa ufa, ndi chizindikiro cha kufumbwa kapena chiswe.
- Onani ngati chizindikiro ndi zilema zili pamalo omwewo amene munaona pa zithunzi, kuti mutsimikize kuti ndi katundu yemweyo.

Ponyamula, tulutsani madirowa ndi mashelefu, mangani zitseko ndi chingwe pamwamba pa bulangeti, ndipo kabati ya miyendo yowonda musaikoke pansi, chifukwa miyendo yotere imathyokera pomangira. Ikafika kunyumba, iikeni motalikirako ndi khoma lonyowa ndiponso posafika dzuwa la pawindo, lomwe limasintha mtundu wa thabwa ndi kutukula viniya. Sungani zithunzi zonse, makamaka cha chizindikiro ndi cha miyeso, chifukwa mudzazifuna mukadzafuna kugulitsa.